Akutsegula sitolo yachiwiri ali ndi ngongole yanu: mawu osangalala nawo alembedwe bwanji?

"Amayi, ine ndili ndi malole awiri kuno ku Ulongwe. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikuwanyamulira feteleza ndi mbewu mayi ena ake a sitolo ya zipangizo za ulimi. Tsopano akutsegula sitolo yachiwiri ku Domwe Loweruka pa 11 Okutobala, ndipo andiitana. Ndikufuna kuwalembera mawu osangalala nawo, koma ali ndi ngongole yanga ya mametikali 85,000 ya maulendo awiri a mu Ogasiti. Ndilembe chiyani? Za ngongoleyo nditchulemo? Nanga ndilembe m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi?"

Achimwene, lembani, ndipo lembani sabata inoyo, koma za ndalamazo zisalowemo ngakhale liwu limodzi. Ndagwira ntchito yolemba makalata a m'maofesi mumzinda wa Tete kwa zaka zambiri, ndipo makalata osenza nkhani ziwiri ndawaona mathero ake. Wolandira amayamba kuwerenga akumwetulira, kenaka akafika pa mzere wa ndalama amabwerera kumayambiriro n'kuwerenganso. Ulendo wachiwiriwu mawu onse okoma aja amasanduka nyambo. Amati, "Ohoo, kani kusangalala konseku amafuna ndalama zawo." Mwatero mwataya ziwiri: chisangalalo chanu sachikhulupirira, ndipo ngongoleyo mwaikumbutsa mwamanyazi, mobisala, ngati kuti si yanu. Inu amene mumayendetsa malole mukudziwa kuti feteleza ndi ufa sizikwera pamodzi, ngakhale zonse zikupita kwa munthu mmodzi. Ngongoleyo ili ndi ulendo wakewake, ndifikapo kutsogoloku.

Chovuta kwenikweni si kusiya chiwerengero cha 85,000, chimenecho aliyense atha kuchisiya. Chovuta n'chakuti mtima wodandaula umadontha m'mawu mwini wake osazindikira. Mwina mumtima mukuti ndalama zanu ndizo zagula mashelefu a ku Domwe, ndipo mwina simukunama, pakuti sitolo yatsopano imadya ndalama isanabweze kalikonse: lendi, ziphaso, utoto, alonda, katundu woyamba. Munthu wa maganizo amenewa akagwira cholembera amatulutsa ziganizo ngati "Taona kuti bizinesi ikuyenda bwino kwambiri masiku ano" kapena "Tikukhulupirira kuti simudzatiiwala ife amene tinayamba nanu." Kwa munthu wopanda ngongole mawu amenewa ndi abwinobwino. Kwa mayi amene akudziwa kuti mafatula awiri, mapepala anu olipiritsa ndalama aja, ali m'kabati osalipidwa, ndi mbola. Mukamaliza kulemba, werengani chiganizo chilichonse mukudzifunsa kuti munthu wodziwa kuti ali ndi ngongole yanu achimva bwanji. Chimene chingamveke pawiri, fufutani.

Musanalembe, tsimikizani nkhaniyo. Mwaitanidwa, choncho tsiku mukulidziwa, koma pali zina zimene anthu amalakwitsa. Kodi sitolo ya ku Ulongwe ikhalapobe, kapena akusamuka? Munthu amene wathawa lendi yokwera n'kupita kwina mukamulembera kuti "bizinesi yakula" mwamuseka. Kodi sitolo yatsopanoyo ndi yawo okha, kapena agwirizana ndi mchimwene wawo, kapena aikamo mwana wawo kuti ayendetse? Ngati pali munthu wachiwiri, kalata yotchula mmodzi yekha imabala nkhani m'banja. Dalaivala wanu amene amatsitsa katundu kumeneko, kapena mnyamata wa pa kauntala, akuuzani zimenezi pa mphindi ziwiri.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndili wachitsikana pa ntchito, abwana anga anamva m'basi kuti bambo wina wa kampani imene tinkaigulitsa katundu wakwezedwa, akupita ku Beira. Anandiuza kuti ndilembe msangamsanga, ndipo ndinalemba kalata yokongola, chidindo n'kumenya, mnyamata n'kukaitula. Patapita masiku tinamva kuti bamboyo sanakwezedwe ayi, anamuchotsa pa mpando atakangana ndi akuluakulu ake, ndipo ku Beirako ankapita kukakhala pansi pa munthu amene kale anali wamng'ono kwa iye. Kalata yathu anailandira tsiku limene ankalongedza. Sanatiyankhe, ndipo ine sindinamuimbe mlandu. Chiyambire pamenepo, nkhani ya m'basi sindiilembera kalata. Pa za kukwezedwa ndimafunsanso ngati munthuyo wapatsidwadi mpandowo kapena akungogwirizira, chifukwa wogwirizira ukamutchula ndi udindo wonse umamuika pa moto ndi anzake a mu ofesi.

Tsopano mawu enieniwo. Azungu athu a Chipwitikizi ali ndi liwu limodzi, parabenzi, limene amaponya paliponse: pa ukwati, pa tsiku lobadwa, pa mpira, pa kukwezedwa. Chichewa sichitero, chimafuna kuti usankhe, ndipo kusankhako kumaulula m'mene ukudzionera pamaso pa munthuyo. "Tikukuthokozani" ndi mawu a munthu amene wachitiridwa kanthu. Ambiri amalemba "tikukuthokozani potsegula sitolo", ndipo amamveka ngati a mfumu akulandira chitukuko m'mudzi mwawo. "Tikukuyamikirani" ndi abwino, koma amakonda kutsika kuchokera kumwamba, monga mphunzitsi kwa mwana wa sukulu kapena bwana kwa wantchito. "Mwachita bwino" ndiye musayerekeze kwa munthu wamkulu, amenewo timauza mwana amene wakhoza mayeso. "Tikukunyadirani" amakhala bwino pakati pa abale kapena kwa munthu amene munamuona akukula. Kwa kasitomala amene mumalemekezana, mawu oima pa mzere umodzi ndi "takondwera nanu" kapena "tasangalala nanu limodzi". Amenewa sakuikani pamwamba, sakuikani pansi. "Mafuno abwino" asungeni kumapeto, chifukwa amayang'ana za kutsogolo, osati zimene zachitika.

Pali mawu awiri amene ndimaletsa ndithu. Oyamba ndi "mwayi". Kuuza mayi amene wadzuka mbandakucha kwa zaka kuti "mwachita mwayi" n'kumulanda thukuta lake. Achiwiri ndi aliwonse odabwa ndi liwiro la chuma chake, monga "mwakwera mofulumira" kapena nthabwala ija yakuti "mutiuzeko chinsinsi chanu". Inu ndi ine tikudziwa zimene anthu kwathu kuno amanong'onezana munthu akatukuka msanga, nkhani za kukhwima ndi zizimba. Mayi wa bizinesi amazimva zimenezi kumsika, asazipezenso m'kalata ya mnzake wa malonda. Miyambi nayonso muisamale. Ndinaonapo kalata yopita kwa munthu wokwezedwa itanyamula "mutu ukakula sulewa nkhonya", ndipo ina ya sitolo yatsopano inali ndi "walira mvula walira matope". Miyambi imeneyi ndi yochenjeza, malo ake ndi pa bwalo la milandu kapena pa malangizo a ukwati. Ngati mwambi sukubwera wokha, kalata imayenda popanda mwambi.

Chimene chimapatsa kalata yotere moyo ndi chinthu chimodzi chimene inu nokha munachiona. Mayiwo alandira mauthenga ambiri pa foni, maluwa ojambula ndi manja owomba, onse ofanana, ndipo pofika Lolemba sadzakumbuka kuti uwu unachokera kwa yani. Koma inu mwawanyamulira katundu zaka zinayi. Mukudziwa kuti ulendo woyamba unali wa matumba angati. Mukudziwa tsiku limene lole inafika usiku kuchokera ku Tete, itachedwa pa Musakama, iwo n'kudikira ndi tochi kuti awerenge matumba okha. Mukudziwa kuti alimi a ku Domwe akhala akulipira njinga zamoto kuti akatenge thumba limodzi ku Ulongwe. Sankhani chimodzi mwa zoterezi, chaulemu, chosachititsa manyazi, ndipo chikhale choona. Musatchule nthawi imene anavutika ndi ndalama, ngakhale cholinga chanu chili chosonyeza kuti achokera patali.

Nayi kalata imene ndingalembe nditakhala inu. M'malo mwa Nauje muikemo dzina limene mumawaitanira pamaso, ndipo ziwerengerozo musinthe zikhale zenizeni zanu.

"Okondedwa Mayi Nauje,

Talandira uthenga wanu wotiitana ku mwambo wotsegulira sitolo yanu yatsopano ku Domwe Loweruka pa 11 Okutobala, ndipo takondwera nanu kwambiri. Ndikukumbuka ulendo woyamba umene tinakunyamulirani, matumba 60 okha, inu mukuwerenga nokha pa khomo. Lero alimi a ku Domwe apeza feteleza ndi mbewu pafupi mvula isanagwe, chifukwa cha khama lanu ndi la anthu amene mumagwira nawo ntchito. Ine ndidzafika pa mwambowo. Mulungu adalitse sitolo yatsopanoyi ndi onse ogwiramo ntchito.

Ine wanu,"

kenaka dzina lanu, ndi siginecha ya dzanja lanu.

Taonani kufupika kwake. Ziganizo zisanu, ndipo munthu atha kuiwerenga ataimirira, makasitomala ali pa mzere. Chiganizo choyamba chatchula chinthucho, malo ndi tsiku, kuti aone kuti kalatayi yalembedwera iwo, si ija yongosintha dzina. Chachiwiri ndicho mtima wake. Chachitatu chapereka ulemu ku khama, n'kukumbukiranso antchito, zimene zimathandiza ngati kalatayo iwerengedwa mokweza pa mwambo, monga zimachitikira nthawi zina. Chachinayi chayankha kuitana kuja. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, chonsecho wokonza mwambo akufuna kudziwa mipando ndi mbale. Mawu a Mulunguwo ndawaika poganiza kuti ndi m'mene mumalankhulirana. Ngati simudziwa za chipembedzo chawo, "tikukufunirani zabwino zonse pa sitolo yatsopanoyi" akwanira.

Za dzina ndionjezepo pang'ono. Ku Angonia kuno kuitana mayi ndi mfunda wake, Naphiri, Nabanda, Nangozo, ndi ulemu waukulu, koma pokhapokha ngati mumatero kale. Ngati zaka zonsezi mwakhala mukuti Dona Uje, musayambe lero za mfunda, adzadabwa kuti chibale chabwera liti. Ndipo kalembedwe ka dzina mukatengere pa fatula kapena pa chidindo chawo, osati m'mutu mwanu. Mayina athu ambiri analembedwa m'zitupa mwa Chipwitikizi, ndipo munthu amene chitupa chake chimalemba mwina sakondwa kuona dzina lake litakonzedwa ndi munthu wina.

Mwina mwaona kuti m'kalatamo mulibe chiganizo chimene pafupifupi aliyense amaika, chija chakuti "tili okonzeka kukuthandizani pa chilichonse chimene mungafune". Ndachisiya dala, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndi malonda obisala, ndipo mayiwo akudziwa kale kuti muli ndi malole, safunika kukumbutsidwa. Chachiwiri ndicho chokhudza inu kwambiri. Kwa munthu amene ali ndi ngongole yanu ndipo akutsegula sitolo yofuna katundu wambiri, "chilichonse" amachimva ngati chilolezo chotenganso maulendo ena pa ngongole. Adzakuimbirani Lachiwiri kuti mukatenge matumba 300, ndalama adzapereka zinthu zikakhazikika, ndipo mukadzazengereza adzakukumbutsani mawu anu olembedwa. Chimodzimodzi "zakale zisakudetseni nkhawa" kapena "ife ndi inu ndi amodzi". Mawu otere pa pepala la kampani, pansi pali siginecha, wina atha kuwamva ngati mwakhululuka ngongole. M'kalatayi musalonjeze kanthu kena koposa kubwera kwanu.

Pa za chilankhulo, funsani kuti mukamakambirana mtengo wa ulendo mumalankhula chiyani. Ngati ndi Chichewa, mawu a chisangalalo apite m'Chichewa, chifukwa kusamukira ku Chipwitikizi mwadzidzidzi kumaika tebulo la ofesi pakati panu. Koma pali kanthu kena kamene anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu sakumana nako. Ambiri a ife kuno timalankhula Chichewa kuyambira ku ubwana, koma kuwerenga tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndiye Chichewa cholembedwa timachiwerenga mokakamira, mwina mochita kutchula liwu lililonse. Ngati mayiwo ali otero, chitani ziwiri. Pa pepala lembani mwachidule m'Chipwitikizi, kuyamba ndi `Exma. Senhora` ndi dzina lawo monga mwa mwambo wa makalata a kuno, ndipo mawu a Chichewa aja muwalankhule ndi pakamwa panu, pa foni kapena pa uthenga wa mawu wa WhatsApp wosapitirira mphindi imodzi. Musatenge kalata ya Chichewayo n'kuitembenuza liwu ndi liwu, kapena ya Chipwitikizi kuitembenuzira ku Chichewa. Kalata za Chipwitikizi zili ndi mikuluwiko yakeyake ya mu ofesi imene ikalowa m'Chichewa imamveka ngati chikalata cha ku khoti.

Pepala ndi labwino kuposa uthenga wa pa foni wokha, chifukwa limatsala. Ndaona makalata otere atamatidwa kuseri kwa kauntala mpaka kufiira ndi fumbi. Likafike masiku atatu kapena anayi mwambo usanachitike. Loweruka lenilenilo mayiwo adzakhala akuthamanga ndi amfumu, alendo ndi ophika, envelopu idzangolowa m'chikwama. Ndipo samalani za wokatula. Ngati pali mnyamata amene mumamutuma kukatenga ndalama, asakhale iyeyo, chifukwa nkhope yake yokha ndi fatula. Kaperekeni nokha, kapena tumani dalaivala amene amagwirizana nawo, ndipo envelopuyo isatsagane ndi pepala lina lililonse.

Tsiku la mwambolo pitani, khalani pamene akukhazikani, ndipo akakupatsani mpata wolankhula bwerezani zomwe zili m'kalata, osaonjeza. Mphatso yabwino pa sitolo yatsopano ndi kugula. Tengani botolo la mankhwala a mbewu kapena paketi ya mbewu ya chimanga, lipirani ndalama pamanja pa mtengo wolembedwa, osanenerera, anthu akuona. Chimene simuyenera kunena ndi "muchotsere pa zija". Mukatero mwabweretsa ngongole pa mwambo kudzera ku khomo la kuseri, pamaso pa antchito awo. Kalendala kapena chipewa cha dzina la kampani yanu musachitche mphatso ya tsikuli, chimenecho n'chotsatsa malonda anu, chidikire Disembala.

Nkhani ya mphatsoyi imasintha kotheratu ngati wolandira ndi wa boma, ndipo nditchulepo chifukwa tsiku lina mudzafuna kulembera munthu wa ku ofesi ya boma amene wakwezedwa. Kuno ku Mozambique kuli lamulo lotchedwa Lei de Probidade Pública, limene linakhazikitsidwa koyamba mu 2012, ndipo limaika malire pa mphatso zimene ogwira ntchito za boma angalandire. Kwa munthu amene amasayina ziphaso zanu kapena amene ofesi yake imapereka ntchito za malole, tumizani mawu okha, opanda mbuzi, opanda thumba la mbatata, ndipo mudikire mpaka atalandira mpandowo mwalamulo. Kwa mayi anuwa zimenezi sizikukhudza, ndi bizinesi yawo.

Tsopano ngongole ija. Kusaitchula m'kalata sikutanthauza kuigoneka. Ngati mwakhala mukukumbutsa mwezi ndi mwezi pa tsiku lodziwika, pitirizani monga mwa nthawi zonse, kungoti lisagwere m'sabata ya mwamboyo. Ngati simunakumbutsepo, dikirani papite masiku khumi chitsegulireni, kenaka tumizani pepala lina, louma, la manambala: nambala za mafatula awiriwo, masiku a maulendo, katundu amene ananyamulidwa, chiwerengero cha 85,000, ndi tsiku limene mukupempha kuti zilipidwe. M'pepala limenelo musatchulemo za ku Domwe, monga m'mene m'kalata ya ku Domwe simunatchulemo za ndalama. Ngati ali ndi kalaliki wosunga mabuku, lipite kwa iyeyo, mayiwo mungowadziwitsa.

Nyengo ili kumbali yanu. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala ndi pamene wogulitsa feteleza ndi mbewu amagwira ndalama zambiri, alimi akuthamangira mvula yoyamba, ndipo ndi pamenenso amafuna malole kwambiri. Mukadikira mpaka Febuluwale mudzapeza ndalama zalowa m'katundu wina, anthu m'midzi alibe kanthu m'thumba, ndipo yankho lidzakhala lakuti tidikire zokolola. Choncho akadzakuimbirani za ulendo woyamba wopita ku sitolo yatsopano, pamenepo ndiye pokambirana, pakamwa, mwaulemu: ulendo watsopanowu ulipidwe potsitsa katundu, ndipo za mu Ogasiti zigawidwe pawiri, 45,000 mwezi uno, 40,000 pofika pakati pa Novembala. Mukagwirizana, lembani zomwe mwagwirizanazo mu uthenga wa pa foni tsiku lomwelo, ndipo muwapemphe ayankhe kuti avomera.

Zitha kuchitika kuti iwo eni ayambitse nkhaniyi pa mwambo pomwepo, akukukokerani pambali kuti, "Achimwene, zija sindinaiwale." Musakane kuti palibe kanthu, ndipo musayambe kuwerengetsa. Ingoyankhani kuti, "Ndikudziwa mayi, lero ndi la chisangalalo, ndikuimbirani Lachitatu likubweralo." Lachitatu likafika, imbani.